Mpanda Wosaoneka Wouza Bwana Kuti Lole Yatuluka

M'maofesi a makampani operekera katundu muli funso limodzi lomwe limadya mayunitsi tsiku ndi tsiku: "Adalaivala, muli pati?" Yankho lake nalonso ndi lodziwika kale: "Ndatsala pang'ono kufika, bwana." Kutsala pang'onoko kumatha kukhala mphindi zisanu, kumathanso kukhala maola awiri, ndipo nthawi yonseyi mwini sitolo amakhala akuimba foni, anyamata otsitsa katundu atangokhala pa khonde.

Makampani ambiri masiku ano adamangirira tizipangizo ta GPS m'magalimoto awo, koma manijala sangathe tsiku lonse ali maso pa kompyuta kutsatira timadontho tikuyenda pa mapu. Apa ndi pomwe pamalowa jiyofensi. Uwu ndi mpanda womwe munthu amajambula pa mapu a pa kompyuta kuzungulira malo enieni, monga depoti, sitolo ya kasitomala kapena chigawo cha msewu. Galimoto ikalowa kapena kutuluka mumpandamo, uthenga umafika wokha pa foni ya manijala. Ntchito yake ikufanana ndi ya mlonda wa pa geti wolemba m'buku nthawi yomwe galimoto yalowa ndi kutuluka, kungoti mlonda ameneyu angathe kuikidwa pamalo zana nthawi imodzi.

Kujambula mpandawo kumatenga mphindi ziwiri. Chovuta ndi kuujambula mwakuti uthenga wake ukhale woona, ndipo izi zimadalira zinthu zitatu: kukula kwa mpanda, liwiro la galimoto, ndi nthawi yomwe imapita kachipangizo kasananenenso komwe kali.

Mpanda suona galimoto, umaona madontho

Kachipangizo kamene kamamangidwa kuseri kwa dashibodi ndi kabokosi kokwana m'dzanja. Kamamva zizindikiro zochokera ku masetilaiti a GPS, omwe ndi a dziko la America ndipo amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi pano. Kuti kadziwe pomwe kali kamafunika kumva masetilaiti osachepera anayi. Tizipangizo tambiri tatsopano timamvanso masetilaiti a GLONASS a ku Russia, Galileo a ku Ulaya ndi BeiDou a ku China. Pamtetete, thambo likamaoneka lonse, kachipangizo kabwino kamaphonya ndi mamita asanu kapena kuchepera apo.

Masetilaitiwo sadziwa za galimoto ya munthu aliyense, amangoulutsa. Wonena komwe galimoto ili ndi kabokosiko, kudzera mu simu khadi ya Airtel kapena TNM yomwe ili m'kati mwake. Kamatumiza manambala a malo, nthawi ndi liwiro ku seva, yomwe ndi kompyuta yosunga mapu ndi mipanda yonse.

Seva siona ulendo wonse ngati kanema ayi. Imalandira kadontho kamodzi, kenako kena, kenako kena. Pa kadontho kalikonse imafunsa ngati kali m'kati mwa mpanda kapena kunja, n'kuyerekeza ndi kadontho kapitako. Ngati kapitako kanali kunja ndipo katsopanoka kali m'kati, imati galimoto yalowa. Zikatembenuka, imati yatuluka. Chilichonse chomwe chachitika pakati pa madontho awiri seva sichidziwa, ngakhale mzere womwe umajambulidwa pa mapu kulumikiza madonthowo utadutsa pakati penipeni pa mpanda. Pafupifupi mavuto onse a jiyofensi amachokera pa mfundo imeneyi.

Depoti ya ku Kanengo

Tiyerekeze kampani yopikulitsa katundu wa m'magolosale yomwe ili ku Kanengo mu Lilongwe. Ili ndi malole asanu omwe amatenga msewu wa M1 kukasiya shuga, sopo ndi mafuta ophikira m'masitolo a ku Dedza, Lizulu ndi Ntcheu. Manijala akufuna kudziwa zinthu zitatu: nthawi yomwe lole yanyamuka pa depoti, nthawi yomwe yadutsa Linthipe kuti achenjeze a ku Dedza akonzekere, ndi nthawi yomwe yafika pa sitolo iliyonse.

Mpanda woyamba ndi wa depoti. Bwalo lake ndi la mamita 80 mulitali ndi mamita 60 mulifupi, ndipo khoma la kutsogolo lili pa mamita 40 kuchokera ku msewu waukulu. Njira yachidule ndi kubaya pakati pa bwalolo n'kujambula mpanda wozungulira. Kuchokera pakati kukafika pa kona ya bwalo ndi mamita 50. Pamafunikanso kusiya malo a kuphonya kwa GPS, tinene mamita 25, motero mpandawo ufika mamita 75 mbali zonse. Koma kuchokera pakati pa bwalo kukafika ku msewu ndi mamita 70 okha. Ndiye kuti mpanda wozungulirawo waluma msewu, ndipo lole yongodutsa panja ikupita kwina idzatha kulembedwa kuti yalowa m'depoti.

Chothandiza apa ndi mpanda wa makona, wotsatira maonekedwe a bwalolo. Ukasiya mamita 25 kunja kwa khoma mbali zonse zinayi, umakhala wa mamita 130 ndi mamita 110, ndipo pakati pa mpanda ndi msewu pamatsalabe mamita 15.

Mamita 25 osiyidwa kunja kwa khomawo ali ndi chifukwa chake. Lole ikaimikidwa pafupi ndi khoma lalitali kapena pansi pa shedi ya malata, zizindikiro za masetilaiti zimayamba zawomba khoma kapena denga zisanafike ku kachipangizo. Zikatero kadontho kamayamba kuyendayenda kokha lole ili chiimire, mamita 10 uku, mamita 30 uko. Mpanda ukadutsa pamwamba penipeni pa khomalo, foni ya manijala imalira pakati pa usiku kuti lole yatuluka, patapita mphindi imodzi yalowa, kenako yatulukanso, pomwe makiyi ali m'kabati mu ofesi.

Uthenga wabodza wotere umadziwika msanga. Kutuluka ndi kulowa kumatsatizana pafupipafupi, liwiro limakhala ziro kapena pafupi ndi ziro, injini imakhala yozima, ndipo madontho pa mapu amamwazikana ngati nyenyezi m'malo mondandalikana mumsewu. Mankhwala ake ndi kukankhira mpanda kunja ku mbali yomwe malole amagona, komanso kuyatsa sefa yomwe tizipangizo tambiri tili nayo yokhomerera kadontho pamalo amodzi galimoto ikaima. Pa tizipangizo ta Teltonika, kampani ya ku Lithuania, sefayi imalembedwa `Static Navigation`.

Kukhazikitsa pa kompyuta

Mapulogalamu olondolera magalimoto alipo ambiri, koma ndondomeko yake imafanana. Traccar ndi imodzi mwa odziwika, ndipo ndi yaulere kwa amene angathe kuiika pa seva yake. Wialon, ya kampani ya Gurtam, ndi ina yomwe makampani ambiri ogulitsa tizipangizoti amagwiritsa ntchito ataiveka dzina lawo.

Mu Traccar muli masitepe atatu. Loyamba ndi kupita pa `Geofences`, kusintha mapu kuti aonetse chithunzi cha kumwamba momwe madenga ndi makoma akuonekera, kenako kubaya makona a mpanda limodzilimodzi mpaka kubwerera poyambira. Mpandawo upatsidwe dzina lomveka kwa munthu amene wadzidzimuka ku tulo, monga "Depoti Kanengo", chifukwa dzinali ndi lomwe lidzaoneke mu uthenga. Pulogalamuyi imasunga mpandawo ngati mzere wa manambala wotere:

```
POLYGON ((-13.8800 33.7900, -13.8800 33.7912, -13.8810 33.7912, -13.8810 33.7900, -13.8800 33.7900))
```

Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma akuonetsa bwalo la pafupifupi mamita 130 ndi 110 lija. Nambala yoyamba pa awiri aliwonse imanena kutalika kwa malo kuchokera ku ikweta, ndipo kusintha kwa 0.001 ndi mamita pafupifupi 111. Amene amalemba manambalawa pamanja ayenera kusamala ndi kamzere ka kutsogolo, komwe kamatanthauza kumwera kwa ikweta. Kakaiwalika, depoti ya ku Kanengo imakapezeka ku Sudan. Manambala awiriwo akasinthana malo, imakagwera m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi Morocco. Pulogalamu sidandaula chilichonse, imangokhala chete chifukwa palibe lole yomwe idzalowe kumeneko.

Sitepe lachiwiri ndi lomwe limaiwalika kawirikawiri: kulumikiza mpanda ndi galimoto. Kungojambula mpanda sikutanthauza kuti seva iyamba kuyang'anira malole onse. Pa galimoto iliyonse pali malo olembedwa `Connections`, pomwe amasankha mipanda yomwe ikuikhudza. Kampani ya malole asanu ingachite bwino kuwaika onse m'gulu limodzi n'kulumikiza mipanda ku gululo, kuti lole yachisanu ndi chimodzi ikadzagulidwa idzangolowetsedwa m'gulu n'kutengera zonse.

Sitepe lachitatu ndi uthenga weniweniwo. Pa `Notifications` amasankha `Geofence entered` kapena `Geofence exited`, magalimoto oyenera, ndi njira yomwe uthenga udzere: pa pulogalamu ya pa foni, pa imelo, pa Telegram kapena pa SMS. Njira ya SMS imafika ngakhale pa foni ya mabatani yopanda bandulo, koma imafuna kulumikizidwa padera ndipo uthenga uliwonse umalipiridwa.

Lole yodutsa osaoneka

Mpanda wachiwiri, wa pa msewu kufupi ndi Linthipe, uli ndi vuto losiyana. Pa depoti lole imakhalitsa, motero madontho ambiri amagwera m'kati. Apa imangodutsa.

Lole yothamanga makilomita 60 pa ola imatha kilomita imodzi pa mphindi. Ngati kachipangizo kamalemba malo kamodzi pa mphindi, pakati pa madontho awiri pali mamita 1,000. Manijala akajambula mpanda wa mamita 200 pa msewupo, lole imaudutsa m'masekondi 12. Mwayi woti kadontho kagwere m'masekondi 12 amenewo pa masekondi 60 ndi umodzi mwa isanu. Ndiye kuti pa maulendo asanu, anayi amadutsa popanda uthenga. Manijala amayamba kunena kuti kachipangizo kafa, mwinanso kukayikira kuti dalaivala wazembera njira ina, pomwe cholakwika ndi masamu.

Njira zokonzera zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kutalikitsa mpanda motsatira msewu kuti upose mtunda wa pakati pa madontho awiri. Pa chitsanzo ichi, mpanda wa makilomita awiri mulitali sungaphonye ngakhale lole itafika pa liwiro la 80 kapena 90. Sufunika kukhala wotakata, mamita 100 mbali iliyonse ya msewu ndi okwanira.

Yachiwiri ndi kuuza kachipangizo kuti kazilemba pafupipafupi. Kakamalemba pa masekondi 10 aliwonse, madontho amatalikirana mamita pafupifupi 167 pa liwiro la 60, ndipo mpanda wa mamita 200 uja umakola. Mtengo wake ndi bandulo: lole yoyenda maola 10 imalemba madontho 3,600 pa tsiku m'malo mwa 600. Kadontho kamodzi ndi kakang'ono kwambiri, motero pa mwezi zimathera m'mamegabayiti makumi ochepa, koma pa simu khadi ya bandulo yoperewera kusiyanako kumamveka. Tizipangizo tambiri timalolanso kulemba potengera mtunda, monga pa mamita 100 aliwonse, kapena pamene galimoto yakhota. Kulemba kwa mtunda n'kothandiza kwambiri pa mipanda chifukwa madontho amatalikirana mofanana kaya lole ikuthamanga kaya ikukwawa.

Pali nthawi inanso yomwe anthu amaisokoneza ndi yoyambayi. Kulemba ndi kutumiza ndi zinthu ziwiri. Kachipangizo kangathe kulemba pa masekondi 10 koma n'kumasonkhanitsa madonthowo, kutumiza kamodzi pa mphindi ziwiri. Apo mpanda umakola bwinobwino, koma uthenga umachedwa mpaka mphindi ziwiri. Kwa wofuna kudziwa kuti katundu wafika, kuchedwa kotere sikupweteka. Kwa wofuna kudziwa kuti lole yabedwa usiku, mphindi ziwiri ndi makilomita awiri.

Kufika ndi kudutsa

Masitolo ambiri a pa M1 ali m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Pa Lizulu, mpanda uliwonse wozungulira sitolo ndi malo otsitsira katundu umaluma tala, palibe kuchitira mwina. Lole yochokera ku Ntcheu yopanda katundu ikamabwerera, imalembedwa kuti yafika pa sitolo ija.

Chosiyanitsa kufika ndi kudutsa ndi nthawi. Mapulogalamu ena, monga Wialon, amalola kuti uthenga utumizidwe pokhapokha galimoto ikakhala mumpanda kwa nthawi yoikika. Mphindi zitatu zimakwanira pa malo ambiri, chifukwa palibe amene amatsitsa mabelo a shuga ndi kusainitsa mapepala m'masekondi 90. Tsiku la msika lole imatha kutsekeredwa ndi anthu ndi njinga kwa mphindi zingapo, motero pa malo otero ndi bwino kukweza nthawiyo kufika mphindi zisanu, kapena kuwonjezera lamulo loti injini ikhale itazima. Pomwe pulogalamu ilibe mwayi umenewu, manijala amathabe kuona mu lipoti la madzulo: kulowa ndi kutuluka kotalikirana masekondi 20 ndi kudutsa, kotalikirana mphindi 25 ndi kutsitsa katundu.

Lipoti lomweli limaulula zina zomwe foni siinganene. Ngati pa sitolo zina lole imatha mphindi 20 koma pa imodzi imatha ola ndi theka sabata iliyonse, manijala ali ndi poyambira kufunsa. Nthawi zina yankho limakhala loti mwini sitolo amachedwa kubwera ndi makiyi a nyumba yosungira katundu, ndipo dalaivala wakhala akunamiziridwa ulesi kwa miyezi.

Malire a dziko ndi malo opanda netiweki

Eni magalimoto ambiri amakonda mpanda umodzi waukulu wotsatira malire a Malawi, kuti adziwe galimoto ikatuluka m'dziko. Ganizo ndi labwino, koma pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 umayenda m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique, moti pa Lizulu munthu amangowoloka msewu n'kukhala kuti wafika m'dziko lina. Mpanda wojambulidwa mwachangu ndi makona ochepa umadula msewuwo kangapo, ndipo lole yopita ku Ntcheu imaoneka ngati yathawira ku Mozambique n'kubwerera katatu pa ulendo umodzi. M'chigawo chimenechi mpanda uyenera kukankhidwira kilomita imodzi kapena ziwiri m'kati mwa Mozambique, ndipo pa chipata cha Dedza paikidwe mpanda wakewake.

Netiweki nayo ili ndi zake. M'mapiri ndi m'zigwa momwe foni siigwira, kachipangizo kamapitiriza kumva masetilaiti chifukwa GPS sidalira netiweki ya foni. Kamasunga madontho m'kati mwake n'kudzawatumiza onse pamodzi netiweki ikabwerera. Zotsatira zake, mauthenga awiri, wolowa ndi wotuluka, amafika nthawi imodzi lole itachoka kalekale. Ndi chifukwa chake manijala ayenera kuwerenga nthawi yolembedwa m'kati mwa uthenga, yomwe kachipangizo kadalemba pamalopo. Nthawi yomwe foni yalira siinena zambiri.

Pa nkhani ya nthawi palinso msampha wina. Maseva amawerengera nthawi pa muyeso wa dziko lonse wa UTC, ndipo Malawi ali patsogolo ndi maola awiri. Ngati nthawi ya m'dziko sinasankhidwe mu akaunti, lole yonyamuka 7 koloko m'mawa imalembedwa kuti yanyamuka 5 koloko. Nthawi zonse zikamaphonya ndi maola awiri ndendende, cholakwika chili pamenepo.

Mauthenga ochepa, opita kwa woyenera

Manijala watsopano pa zimenezi amayatsa chilichonse. Malole asanu, lililonse loima malo asanu ndi atatu, kulowa ndi kutuluka, ndi mauthenga 80 pa tsiku, osawerengera a pa depoti. Pofika Lachitatu foni imakhala itatsekedwa mawu, ndipo uthenga umodzi wofunikadi umakwiririka pansi pa enawo.

Kampani ya ku Kanengo ija ingagawe chonchi. Kufika ndi kunyamuka pa masitolo kuzingolembedwa mu lipoti lowerengedwa madzulo, popanda kuliza foni ya wina aliyense. Uthenga wa pa Linthipe uzipita kwa kalaliki wa maoda, yemwe ndi amene amaimbira makasitomala. Pa foni ya manijala pazifika zokhazo zofuna kuti adzuke pa mpando: lole yatuluka m'depoti nthawi yosayenera, yatuluka m'dera lake la ntchito, kapena yalowa malo omwe kampani idaletsa.

Za nthawi yosayenerazo zimatheka ndi kalendala. Mu Traccar muli `Calendars`, momwe munthu amaika maola, tinene kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 5 koloko m'mawa ndi Lamulungu lonse, n'kulumikiza kalendalayo ku uthenga wotuluka pa depoti. Masana malole amatuluka foni ili zii. Usiku, kutuluka kumodzi kokha kumadzutsa manijala ndi mkulu wa alonda.

Foni ikakhala chete

Mpanda umalankhula pokhapokha ukalandira kadontho. Kachipangizo kakazulidwa pa batire, simu khadi ikatha bandulo, kapena mbava ikayatsa kachida kosokoneza zizindikiro za GPS ndi za foni, seva imangotsala ndi kadontho komaliza, kosonyeza lole itaima bwinobwino m'depoti. Uthenga wotuluka sudzabwera, ngakhale loleyo ili pa Zalewa.

Motero mpanda uliwonse woteteza galimoto uyenera kuyenda ndi mauthenga ena awiri. Woyamba ndi wonena kuti magetsi a kachipangizo adulidwa. Tizipangizo tambiri tili ndi kabatire kakang'ono m'kati komwe kamapatsa mpata wotumiza chenjezo limeneli. Wachiwiri ndi wonena kuti galimoto yatha nthawi yakuti isanatumize kanthu. Apa pofunika kudziwa ndi kuti tizipangizo tina timachoka ku fakitale titaikidwa kuti galimoto ikaima tizilankhula kamodzi pa ola. Woika chenjezo la mphindi 15 asanasinthe zimenezo adzavutika ndi mauthenga usiku wonse.

Madalaivala ndi lamulo

Zomwe kachipangizo kamalemba ndi mayendedwe a galimoto, koma ndi mayendedwenso a munthu amene akuiyendetsa. Malawi ali ndi lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu la chaka cha 2024, lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA. Bwana wanzeru amauza madalaivala polemba kuti magalimoto ali ndi tizipangizo, mipanda ili pati, amene amaona malipoti ndani, ndipo amasungidwa nthawi yotalika bwanji. Kujambula mpanda mozemba kuzungulira nyumba ya dalaivala kuti adziwe nthawi yomwe amagona kwawo n'kulowerera moyo wa munthu, ndipo kulibe chochita ndi katundu wa kampani.

Madalaivala ndi amenenso amadziwa zomwe mapu sasonyeza. Amadziwa kuti pa sitolo yakuti malole amatsitsira kuseri, kuti geti la kutsogolo lidatsekedwa, kuti nthawi ya dzinja amadzera njira ina chifukwa cha matope. Mpanda wojambulidwa dalaivala ali pambali pa kompyuta umafuna kukonza kochepa. Umawatetezanso: kasitomala akanena kuti katundu adafika madzulo, lipoti losonyeza kuti lole idalowa 10:42 n'kutuluka 11:10 limathetsa mkangano.

Uthenga umodzi wa jiyofensi si umboni wokwanira kudulira munthu malipiro. Manijala asanaitane dalaivala ku ofesi, ayambe watsegula ulendo wonse pa mapu, aone liwiro, aone ngati injini inali yoyaka, aonenso ngati madontho akutsata msewu kapena angolumpha.

Kuyesa kusanayambe kudaliridwa

Mpanda watsopano umayesedwa ndi galimoto yeniyeni. Munthu mmodzi amakwera lole ndi wotchi, kulemba nthawi yomwe yadutsa pa geti, wina ali mu ofesi kulemba nthawi yomwe uthenga wafika. Kusiyana kwa nthawi ziwirizi kuyenera kugwirizana ndi momwe kachipangizo kadaikidwira kulemba ndi kutumiza. Kenako lole idutse panja pa msewu osalowa, kuti aone ngati mpanda ukhale chete. Pomaliza igone usiku umodzi pamalo oipitsitsa m'bwalomo, pansi pa malata kapena pa kona ya khoma. Pomwe lole palibe, foni yokhala ndi pulogalamu ya Traccar Client imatha kuyesera mpandawo munthu akuyenda pansi, ngakhale singalowe m'malo mwa kachipangizo ka m'galimoto.

Uthenga ukapanda kubwera konse, ofufuza amayamba ndi zosavuta: kodi galimoto ikutumiza madontho atsopano, kodi mpanda uli pamalo oyenera pa mapu, kodi udalumikizidwa ndi galimotoyo, ndipo kodi chochitikacho chikuoneka mu lipoti la `Events`. Chikaoneka mu lipoti koma foni sinalire, mpanda ulibe mlandu, vuto lili pa imelo, pa SMS kapena pa kalendala.

Sabata yoyamba ndi bwino kuti mauthenga onse azingolembedwa mu lipoti, kenako ayerekezedwe ndi buku la pa geti ndi mapepala osainidwa ndi makasitomala. Mpanda womwe wagwirizana ndi mabukuwo kwa masiku asanu ndi awiri ungathe kulumikizidwa ku foni ya manijala. Womwe waphonya uwonjezeredwe kukula, usunthidwe, kapena kachipangizo ka galimotoyo kauzidwe kulemba pafupipafupi, kenako uyesedwenso sabata ina.